Kulondola Paketi Yosowa Pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu

Dandaulo lochokera kunthambi ya bungwe lina ku Mzuzu linali la mawu awiri okha: "Sisitimu ikuvuta." Atafunsidwa bwinobwino, akalalikiwo anafotokoza zinthu zooneka ngati zikutsutsana. Tsamba lolowera linkatseguka, dzina ndi nambala yachinsinsi zinkalandiridwa, koma akangodina kuti atsegule lipoti la mwezi, kagudumu ka pasikirini kankangozungulira mpaka nthawi kutha. Kutumiza fayilo kupita kuseva ya kulikulu ku Lilongwe kunkatheka, ngakhale fayiloyo ikhale yaikulu chotani. Kuikoka kuchokera kusevako ndiko kunkakanika. Aliyense anali atapeza kale woimba mlandu. Wina ankati ndi mvula, wina ankati seva yakalamba, ndipo ambiri ankangoti kampani yopereka mzere wa netiweki ikudya ndalama zaulere.

Amene anaunika vutoli ndi mayi wina amene wakhalitsa pa ntchito ya netiweki. Ndikufuna kufotokoza mmene anagwirira ntchitoyo sitepe ndi sitepe, chifukwa ine ndimaona kuti luso lawo silili m'kudziwa malamulo ambiri olemba pakompyuta. Malamulowo ndi ochepa ndipo aliyense angawaloweze. Luso lili pakuti chida chilichonse ankachifunsa funso lokhalo limene chingayankhe, ndipo yankho likabwera sankalitanthauzira kupitirira pamene lalekezera.

Anayamba ndi pepala ndi cholembera. Mbali ina anajambula sabuneti ya maseva, `10.10.1.0/24`, mmene muli seva ya malipoti pa `10.10.1.20`. Mbali inayo anajambula sabuneti ya kunthambi, `10.20.5.0/24`, ndi kompyuta ya kalaliki mmodzi pa `10.20.5.40`. Pakati pake anaika zonse zimene paketi iyenera kudutsa: fayawolo ya kulikulu, rauta ya kulikulu, kenako rauta ya kunthambi. Atafunsa chimene chinasintha posachedwa, anauzidwa kuti mzere wakale wolumikiza maofesi awiriwa unasiyidwa, ndipo m'malo mwake marauta awiriwa analumikizidwa ndi tanelo ya GRE yodutsa pa netiweki ya kampani yopereka mzere. Munthu wodziwa akangomva kuti tanelo, mtima umathamangira pa kukula kwa mapaketi, ndipo iwonso anaganiza zomwezo. Koma analemba ganizolo pakona ya pepala n'kulisiya pamenepo. Sanasinthe kalikonse pa rauta. Ankafuna kuona kaye ndi maso pamene paketi ikuthera, chifukwa ukasintha chinthu usanaone ndipo vuto n'kutha, sudziwa chimene wachiza, ndipo likabweranso umayambira pachiyambi.

Mnyamata wosamalira makompyuta kunthambi anali atatumiza kale chithunzi cha `ping` chosonyeza kuti palibe paketi yotayika. Mayiwo anamuimbira foni. "Achimwene, mwachita bwino, koma pingi imeneyo ndi yaing'ono. Yatiuza kuti njira ilipo. Sinatiuze kuti katundu wamkulu akudutsa." Zimenezo n'zoona ndithu. Pa Windows, `ping` imanyamula mabaiti 32 okha, pa Linux imanyamula 56, pamene paketi yodzaza ndi lipoti imafika mabaiti 1500. Mayeso a mnyamatayo sanali abodza, koma ankayankha funso lina.

Kenako anamupempha kuti ayese njira yonse ndi `mtr`, pulogalamu imene imachita ntchito ya `traceroute` mobwerezabwereza n'kuwerengera zotayika pa sitepe iliyonse. Nzeru ya `traceroute`, imene Van Jacobson analemba mu 1987, ndi yosavuta koma yokongola. Paketi iliyonse ya IP ili ndi nambala yotchedwa TTL, ndipo rauta iliyonse imene yaidutsitsa imachotserapo 1. Nambalayo ikafika pa 0, rautayo imataya paketiyo n'kutumiza uthenga wa ICMP kwa mwini wake womuuza kuti nthawi ya paketi yake yatha. Ndiye ukatumiza paketi ya TTL 1, rauta yoyamba imadziulula. Ukatumiza ya TTL 2, yachiwiri imadziulula, mpaka kukafika kumapeto. Chinthu chimene chinapangidwa kuti mapaketi osochera asamazungulire kosatha, iye anachisandutsa nyali younikira njira.

Mnyamatayo, pofuna kuti zithe msanga, anauza laputopu yake ya Linux kuti izitumiza kawiri pa sekondi, ndipo zotsatira zake zinali izi:

```
sudo mtr -n -r -c 100 -i 0.5 10.10.1.20
                     Loss%   Snt
  1.|-- 10.20.5.1     0.0%   100
  2.|-- 172.16.0.1   44.0%   100
  3.|-- 10.10.0.1     0.0%   100
  4.|-- 10.10.1.20    0.0%   100
```

Anaimbanso foni mawu ali m'mwamba. "Madamu, tampeza! Pa sitepe yachiwiri pakutayika pafupifupi theka." Sitepe yachiwiriyo ndi mbali ya tanelo ya rauta ya kulikulu, ndipo munthu wopupuluma akanatha kulemba kalata yaukali kwa kampani ya mzere pomwepo.

Mayiwo anamuuza kuti awerenge mizere yapansi. Paketi iliyonse imene yafika pa sitepe yachitatu ndi yachinayi yadutsa pa rauta yomweyo. Rautayo ikanakhala kuti ikutaya mapaketi 44 pa 100 aliwonse, masitepe otsatirawo sakanaonetsa 0. Kutayika kwenikweni kumayamba pa sitepe ina n'kupitirira mpaka kumapeto. Kumene kwaonekera pakati pokha n'kuzimiririka patsogolo ndi nkhani ina: rautayo ikudutsitsa mapaketi a ena bwinobwino, koma ikuumira mayankho akeake. Marauta amaika malire pa kuchuluka kwa mauthenga a ICMP amene amalemba okha, ndipo pa Linux, imene rauta iyi inkagwiritsa ntchito, malirewo akapanda kusinthidwa amakhala uthenga umodzi pa sekondi kwa wofunsa mmodzi. Apa ndi pamene ndinaona kusamala kwawo. Sanangonena mfundoyo n'kudalira kuti mnyamatayo awakhulupirira chifukwa cha zaka zawo pa ntchito. Anamuuza kuti asinthe `-i 0.5` kukhala `-i 2`, kuti afunse kamodzi pa masekondi awiri. Nambala yochititsa mantha ija inatsika kufika pa 0. Mzere wowonongeka sungachire chifukwa chakuti waufunsa pang'onopang'ono.

Anamukumbutsanso chimene chithunzicho sichionetsa. Pakati pa sitepe yoyamba ndi yachiwiri pali mtunda wonse wochokera ku Mzuzu kufika ku Lilongwe, ndi marauta onse a kampani ya mzere, koma chifukwa paketi imayenda itakutidwa mu tanelo, ulendo wonsewo umaoneka ngati sitepe imodzi.

Ambiri amalekera pomwepa n'kunena kuti njira ili bwino. Mayiwo analowa mu seva n'kuyesa njira yomweyo chobwerera, chifukwa dandaulo lija linali la mbali imodzi, ndipo vuto la mbali imodzi silipezeka ukaima mbali imodzi yokha.

```
traceroute -n -I 10.20.5.40
 1  10.10.1.1
 2  * * *
 3  * * *
 4  10.20.5.40
```

Nyenyezi mu `traceroute` si zachilendo, ndipo kawirikawiri sizitanthauza kanthu, popeza marauta ambiri pa intaneti sayankha dala. Koma apa panali chodabwitsa. Rauta ya pa sitepe yachiwiri ndi yomwe ija inali itangoyankha laputopu ya ku Mzuzu, ndipo ya pa sitepe yachitatu nayonso inkayankha bwino mbali inayo. Marauta awiri olankhula sangakhale osalankhula onse nthawi imodzi kwa seva yokha. Mayankho awo ankatumizidwa ndithu, koma chinachake chinkawameza asanafike. Pa pepala lija, chinthu chokha choima pakati pa seva ndi marautawo chinali fayawolo. Anaika chizindikiro pa fayawolopo, osaigamula mlandu, n'kupita ku funso la kukula kwa mapaketi.

Mzere uliwonse uli ndi malire a kukula kwa paketi imene unganyamule, otchedwa MTU, ndipo pa Ethernet wamba malirewo ndi mabaiti 1500. Paketi ikakula kuposa MTU ya mzere wotsatira, rauta ili ndi njira ziwiri. Ingaidule zidutswa, kapena, ngati wotumizayo waika chizindikiro cha DF choletsa kudula, iyenera kuitaya n'kubweza uthenga wa ICMP wa mtundu 3, kodi 4, wonena kuti paketi yakula ndiponso wotchula kukula kumene kungadutse. Makompyuta amasiku ano amaika DF pa mapaketi awo a TCP dala, kuti uthenga umenewu uziwaphunzitsa kukula koyenera kwa njira yonse. Njirayi inalembedwa mu RFC 1191 mu 1990 ndi Jeffrey Mogul ndi Steve Deering, ndipo yonse yatsamira pa kauthenga kamodzi kameneka. Zili ngati lole yosanjika matumba mpaka pamwamba imene yafika pachipata chofupika: mlonda wa pachipata amatuma mwana kukauza mwini katundu kuti aphungule matumba, koma mwanayo akatsekerezedwa panjira, mwini katunduyo amangotumiza lole ina yosanjika chimodzimodzi.

Poyesa izi, `ping` yomwe ija imagwira ntchito, bola uikulitse ndi kuiletsa kudulidwa. Masamu ake ndi ofunika kuwagwira bwino: mutu wa IP umatenga mabaiti 20, mutu wa ICMP umatenga 8, choncho kuti paketi yonse ikwane 1500, katundu wake ayenera kukhala 1472. Mnyamata uja anayesa pa kompyuta ya kalaliki ndi `ping -f -l 1472 10.10.1.20`, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo: `Packet needs to be fragmented but DF set.` Iye anaganiza kuti ndi nkhani yoipa. Mayiwo anati ayi, imeneyo ndiyo netiweki yathanzi. Rauta ya kunthambi yakana paketiyo n'kunena chifukwa chake, kompyuta yamva, ndipo iphungula yokha. N'chifukwa chake mafayilo opita kulikulu ankadutsa.

Kenako anayesa zomwezo kuchokera ku seva:

```
ping -M do -s 1472 -c 5 10.20.5.40
5 packets transmitted, 0 received, 100% packet loss
```

Panalibe yankho, panalibenso dandaulo. Kunangoti zii. Kusiyana kwa mayeso awiriwa ndiko kunali mtima wa nkhani yonse, ndipo ine ndikuganiza kuti munthu wosaleza mtima sakanakuona, popeza mbali zonse ziwiri pingi "yakanika". Koma mbali ina yakanika ikufotokoza, mbali ina yakanika mwakachetechete.

Anafunafuna malire enieni podula pakati. Anayesa 1400 ndipo inadutsa. Pakati pa 1400 ndi 1472 pali 1436, nayonso inadutsa. Ya 1454 inasowa, ya 1445 inadutsa, ndipo atapanikiza mbali zonse anafika pa nambala ziwiri zoyandikana: 1448 inkadutsa nthawi iliyonse, 1449 sinkadutsa n'kamodzi komwe. Kuphatikiza mabaiti 28 a mitu ija pa 1448 kumapereka 1476, ndipo 1476 yaperewera ndi 24 kuti ikwane 1500. Nambala 24 imeneyi ili ndi mwini wake. Tanelo ya GRE imakuta paketi ndi mutu wina wa IP wa mabaiti 20 ndi mutu wakewake wa mabaiti 4. Kuperewerako kukanakhala 8, maso akanapita pa mzere wa PPPoE, umene MTU yake imakhala 1492.

Maonekedwe a kutayikaku anachotsanso oganiziridwa ena onse, ndipo mayiwo anafotokoza izi mofatsa kwa mnyamatayo kuti adzathe kuzizindikira yekha tsiku lina. Kebulo yowonongeka kapena cholumikizira chadzimbiri chimawononga mapaketi mwachisawawa. Akuluakulu amavulala kwambiri chifukwa amakhala nthawi yaitali pawaya, koma ena amapulumuka, ndipo aang'ono nawonso amagwa apo ndi apo, uku nambala ya zolakwika za CRC pa swichi kapena pa `ip -s link` ikukwera. Mzere wodzaza umataya mapaketi nthawi ya ntchito n'kuchira usiku, ndipo nthawi ya pingi imakwera kutayika kusanayambe. Doko la swichi limene silinagwirizane ndi linzake pa zotumiza ndi kulandira nthawi imodzi limaoneka labwino pamene pali bata n'kuyamba kutaya katundu akachuluka. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimadula molunjika chotere, kuti baiti imodzi yokha isiyanitse kudutsa kwa mapaketi onse ndi kusowa kwa onse. Anayang'anabe manambala a madoko a rauta ndi swichi, ndipo anali oyera.

Pofika apa nkhani inali itadziwika, ndipo ambiri akanathamangira kukonza. Mayiwo anafuna kuona paketiyo ikufa ndi uthengawo ukusowa, pa kulumikizana kwenikweni kwa kalaliki, osati pa pingi yokha. Anatsegula `tcpdump` malo atatu nthawi imodzi: pa seva, pa doko la rauta ya kulikulu loyang'ana ku fayawolo, ndi pa tanelo yeniyeniyo. Kujambula malo amodzi kumangokuuza zimene zadutsa pamenepo. Chimene chasowa chimaoneka ukaika zojambula ziwiri pambalipambali.

```
tcpdump -ni eth1 -w mkati.pcap 'host 10.20.5.40 or icmp'
tcpdump -ni gre1 -w tanelo.pcap 'host 10.20.5.40 or icmp'
```

Mawu awiri a kumapetowo, `or icmp`, ndi amene ine ndimawasirira kwambiri pa ntchito yonseyi. Munthu akamasefa zojambula, mwachibadwa amalemba adilesi ya kompyuta yovutikayo basi, kuti asamire m'mapaketi a anthu ena. Koma uthenga wonena kuti paketi yakula suchokera ku kompyutayo ndipo supita ku kompyutayo. Umachokera ku rauta kupita ku seva. Sefa ya adilesi yokha ikanautaya, ndipo wojambulayo akanalumbira kuti rauta sinanene kanthu. Kuti ulembe sefa yoyenera, uyenera kudziwiratu maonekedwe a chinthu chimene sunachione.

Anauza mnyamata uja kuti kalaliki adine lipoti, anadikira mpaka kagudumu katazungulira kwa kanthawi, n'kuimitsa zojambulazo. Pa doko loyang'ana ku fayawolo, mizere yofunika inali itatu:

```
IP 10.20.5.40.51522 > 10.10.1.20.443: Flags [S], options [mss 1460,...]
IP 10.10.1.20.443 > 10.20.5.40.51522: Flags [.], seq 2101:3561, length 1460
IP 10.10.0.2 > 10.10.1.20: ICMP 10.20.5.40 unreachable - need to frag (mtu 1476)
```

Mzere woyamba ndi moni wa kompyuta ya kalaliki. Poyamba kulumikizana kwa TCP, mbali iliyonse imalengeza MSS, kutanthauza katundu wochuluka kwambiri amene ingalandire mu paketi imodzi. Kompyutayo inayang'ana waya wake wa 1500, n'kuchotsa 20 za IP ndi 20 za TCP, n'kunena 1460. Sinaname, koma za tanelo sinkadziwa. Moniyo ndi mayankho ake ndi timapaketi tating'ono, choncho kulumikizana kunkakhazikika bwino, ndipo tsamba lolowera, pokhala laling'ono, linkafika. Mzere wachiwiri ndi seva ikutumiza chidutswa chodzaza cha lipoti, mabaiti 1500 pamodzi ndi mitu yake. Wachitatu ndi rauta ikuchita ntchito yake molongosoka, kukana ndi kutchula 1476.

Pali msampha wina apa umene anaudumpha mosavuta. Mu zojambula za pa seva munkaoneka mapaketi ena a `length` yoposa 1460 kutalitali, ngati kuti seva yapenga n'kuyamba kutumiza zimphona. Zimenezo zimachitika chifukwa Linux imapereka katundu wambiri nthawi imodzi ku khadi la netiweki kuti lidule lokha, ndipo `tcpdump` imaona katunduyo asanadulidwe. Polandira namonso mapaketi otsatizana amatha kuphatikizidwa asanajambulidwe. Iwo sanataye nthawi ndi zimphonazo. Anayang'ana mapaketi obwerezedwa, amene amatuluka limodzilimodzi, ndipo onse anali a 1460.

Atatsegula zojambulazo mu Wireshark, kubwerezako kunkaoneka bwino pa ndandanda ya nthawi. Seva inatumiza chidutswa chomwecho cha `2101:3561`, osalandira chivomerezo, n'kutumizanso, ndipo mpata pakati pa kuyesa kumodzi ndi kunzake unkawirikiza kawiri: kuchokera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, kufika pafupifupi sekondi yathunthu, kenako masekondi angapo. Umo ndi mmene TCP imachitira ikaganiza kuti njira yadzaza. Imachepetsa liwiro, koma kukula kwa paketi sikusintha, chifukwa palibe amene waiuza kuti vuto ndi kukula. Nthawi iliyonse rauta inkabweza uthenga womwe uja.

Mu zojambula za pa tanelo munalibe paketi ya 1460 ngakhale imodzi. Mu zojambula za pa seva munalibe uthenga wa ICMP ngakhale umodzi. Choncho zinthu zosowa zinali ziwiri, ndipo chilichonse chinali ndi malo ake. Paketi yaikulu inkathera pa rauta, mogwirizana ndi malamulo. Uthenga wochenjeza unkatuluka pa rauta koma sunkafika pa seva, ndipo pakati pa ziwirizi panali fayawolo yokha. Atatsegula malamulo a fayawolo anapeza lamulo lakale lololeza pingi ndi yankho lake, lotsatiridwa ndi lina lotaya ICMP ina iliyonse yolowera ku maseva. Lamulo lotayalo linaikidwa pamwamba pa lija lololeza mapaketi okhudzana ndi kulumikizana kodziwika kale, motero linkagwira uthengawo usanafike pa linzakelo. Kalaliki atadinanso lipoti, nambala yowerengera mapaketi ogwidwa ndi lamulolo inakwera iwo akuona. Nyenyezi zija za `traceroute` zinali ntchito ya lamulo lomweli.

Amene analemba lamulolo sanali wopusa, ndipo mayiwo sanamunyoze. Kutseka ICMP kunkaonedwa ngati chitetezo, ndipo nthawi yonse imene njira inali ya 1500 kuchokera kuchiyambi mpaka kumapeto, lamulolo silinapweteke aliyense. Tanelo payokha inalibe vuto, lamulo palokha linkangogona. Vuto linabadwa tsiku limene ziwirizi zinakumana, ndipo ndi vuto lakale lodziwika bwino, lofotokozedwa kale mu RFC 2923 ya mu 2000.

Pokonza anasintha chinthu chimodzi pa nthawi. Choyamba analoleza ICMP ya mtundu 3, kodi 4, pamodzi ndi ya mtundu 11 imene `traceroute` imadalira, n'kuika lamulolo pamwamba pa lotaya lija. Pingi ya 1472 kuchokera ku seva, imene inkangosowa, tsopano inayankhidwa kuti `Frag needed and DF set (mtu = 1476)`. Lamulo la `ip route get 10.20.5.40` linasonyeza kuti seva yasunga `mtu 1476` ya kompyuta imeneyo, ndipo Linux imakumbukira zimenezi kwa mphindi 10 isanayesenso kukula kwathunthu. Ku Mzuzu lipoti linatseguka.

Sanalekere pomwepo. Pa rauta ya kulikulu anawonjezera lamulo lokonza MSS mu moni wa TCP aliyense wodutsa pa tanelo, wolowa ndi wotuluka yemwe:

```
iptables -t mangle -A FORWARD -i gre1 -p tcp --tcp-flags SYN,RST SYN -j TCPMSS --set-mss 1436
iptables -t mangle -A FORWARD -o gre1 -p tcp --tcp-flags SYN,RST SYN -j TCPMSS --set-mss 1436
```

Nambala 1436 ndi 1476 kuchotsa 40 za mitu ya IP ndi TCP. Mzere woyambawo ndi umene unali wofunika pa dandaulo la akalaliki, chifukwa MSS imene kompyuta ya kunthambi yalengeza ndi imene seva imatsatira potumiza. Wokonza mbali yotuluka yokha akanadabwa kuona kuti malipoti sanasinthe. Ndi lamuloli, seva imayamba ndi mapaketi oyenera kuyambira pachiyambi, osadikira kuti yoyamba itayike kaye.

Mnyamata uja anafunsa funso labwino: ngati lamulo la MSS likuthetsa vuto, fayawolo anaikhudziranji? Anamuyankha kuti MSS ndi ya TCP yokha, ndiponso imagwira pa kulumikizana kwatsopano kokha. Pulogalamu iliyonse yotumiza mapaketi akuluakulu a UDP okhala ndi DF ikanapitiriza kusowa mwakachetechete, ndipo patapita miyezi wina akanadzayambanso kufufuza zomwezi. Njira zina ziwiri zimene zinatchulidwa anazikana. Kutsitsa MTU pa seva iliyonse kumachepetsa mapaketi opita kulikonse chifukwa cha nthambi imodzi, ndipo seva yatsopano ikadzabwera wina adzaiwala. Kufufuta DF kuti rauta izidula mapaketi kumabisa vuto, koma kumalemetsa rauta, ndipo chidutswa chimodzi chikatayika paketi yonse imatayika nacho.

Anajambulanso pa doko la `eth1` kalaliki akutsegula lipoti lalikulu kuposa onse. Moni wochokera ku Mzuzu tsopano ankafika kwa seva akunena `mss 1436`, mapaketi odzaza ankaoneka pa `gre1`, ndipo panalibe obwerezedwa. M'buku la zosintha analembamo manambala atatu, 1476, 1448 ndi 1436, iliyonse ndi tanthauzo lake, pamodzi ndi malamulo awiri a pingi oyesera mbali zonse ziwiri. Pansi pake anawonjezera chenjezo kwa amene adzakhale pampando umenewo: bungweli linali ndi pulani yokuta taneloyo ndi IPsec kuti zodutsamo zizibisika, ndipo IPsec imadya mabaiti ena pamwamba pa 24 aja, kuchuluka kwake kumadalira njira yobisira imene yasankhidwa. Tsiku limene idzayatsidwe, 1436 idzakhala yaikulu, ndipo malire atsopano adzayenera kuyezedwanso ndi pingi kuchokera ku seva ndi kuchokera kunthambi, lamulo la MSS lisanasinthidwe.